Ntchito Ino Siikucheperani, Amayi?

Funsolo lidabwera intavyu itatsala pang'ono kutha. Mkulu wa zandalama pakampanipo, mnyamata wa zaka za m'ma 30, adatembenuza tsamba lachiwiri la sivi, nabwereranso loyamba, kenaka adavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Amayi, mapepala anuwa ndi akuluakulu. Ntchito ino siikucheperani?"

Wofunsidwayo adali msuweni wanga, mayi wa zaka 41, wa digiri ya zowerengera ndalama ya ku Polytechnic, ija masiku ano tikuti MUBAS. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi adali manijala wa zandalama pa pulojekiti ina ya zaumoyo ku Lilongwe, ali ndi anthu anayi pansi pake komanso galimoto yodzamutenga pakhomo m'mawa. Boma la America litaimitsa thandizo lake lopita kumaiko ena kumayambiriro kwa 2025, pulojekitiyo idatsekedwa pamodzi ndi zina zambiri. Atakhala pakhomo miyezi isanu ndi iwiri, adapezeka m'kaofesi ka pamwamba pa sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe, akufunsira ntchito ya wothandizira akauntanti. Ntchito yake ndi kulowetsa malisiti m'kompyuta, kuyerekeza buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki, ndi kukonza za msonkho mwezi ukatha.

Adayankha chimene chidali pamtima pake: "Ayi bwana, ine ntchito iliyonse ndigwira. Panopa zinthu zavuta."

Padali kachete pang'ono. Mayi woona zolemba anthu ntchito adalemba kenakake pa fomu yake, ndipo adamuuza kuti amva pakatha sabata ziwiri.

Adandiimbira ali m'minibasi. "Asuweni, ndadziwonongera ndekha." Adaimbira ine chifukwa ndakhalapo pa mapanelo a intavyu kwa zaka zingapo, ndipo funso lomwelo ndalifunsapo anthu ndi pakamwa panga. Ndidamuuza kuti yankho lake silidali labwino, koma mlandu udali usanagamulidwe. Adali ndi usiku umodzi woti alembe uthenga wotsatira intavyu, uja ambiri amangoutenga ngati wothokoza basi, pamene ndi mwayi womaliza woyankha funso limene lidakugwetsa.

Chimene wofunsayo sanena

Munthu akakuuzani kuti mwaphunzira kupitirira ntchito imene mukufuna, sakudandaula za maphunziro anu. Palibe bwana amene amagona tulo tochepa chifukwa wantchito wake amadziwa zambiri. Mawuwo ndi chivundikiro chaulemu, ndipo pansi pake pamakhala mantha amene wofunsayo sangawatchule maso ndi maso.

Mantha oyamba, amenenso amapezeka kawirikawiri, ndi akuti muchoka. Mlendo ndi mame. Kampani ikulipirirani malo munyuzipepala, ikuphunzitsani kachitidwe kake miyezi itatu, ikupatsani makiyi a sefa ndi manambala achinsinsi a kubanki, kenaka mwezi wachisanu mubwera ndi kalata yotsanzika chifukwa bungwe lina lakuitanani. Iwo ayambiranso pachiyambi, ndipo amene adakusankhani ndiye adzafunsidwe ndi eni kampani. Ena amaopa za ndalama: lero muvomera malipiro ochepa, koma ikatha miyezi isanu ndi umodzi muyamba kugogoda pa ofesi kapena kuyenda ndi nkhope yakugwa. Enanso amaopa kuti munthu amene adazolowera kuchititsa misonkhano adzatopa ndi kusanja malisiti, n'kuyamba kuchita mwaulesi ntchito imene akuiona ngati yonyozeka.

Ndiye pali mantha amene sanenedwa n'komwe, ngakhale panelo ikatsala yokha: atambala awiri salira m'khola limodzi. Amene akukufunsaniyo mwina ali ndi dipuloma pamene inu muli ndi digiri, mwina ndi wamng'ono kwa inu ndi zaka khumi. Akudzifunsa ngati mudzatumika akakutumani, komanso ngati eni kampani sadzayamba kukuyang'anani inu akafuna malangizo.

Manthawa si opusa, ndipo uthenga wolembedwa ndi mtima woti wofunsayo ndi wansanje chabe umanunkha mkwiyo ngakhale mawu ake akhale osalala. Ofufuza a ku America, Roman Galperin, Oliver Hahl ndi anzawo, adayesa mamanijala olemba anthu ntchito powapatsa mbiri za ofunsira ntchito osiyana luso. Adapeza kuti waluso kwambiri ankaganiziridwa kuti sadzadzipereka ku kampaniyo, ndipo ankasiyidwa pa chifukwa chimenecho. Choncho chimene chikukayikiridwa si kutha ntchito kwanu ayi, koma kukhazikika kwanu. Munthu amene amayankha powonjezera umboni wa luso lake amangothira nkhuni pamoto womwewo.

Ntchito yoyamba, musanalembe chilichonse, ndi kudziwa kuti mwa mantha amenewa, aakulu m'chipinda muja adali ati. Amadziwika ndi mafunso oyandikana nalo funso lalikululo. Ndidamuuza msuweni wanga kuti atsike minibasi, akhale pansi ndi pepala, alembe mafunso onse amene akukumbukira, mmene adawafunsira. Akakhala kuti adafunsa kuti munkalandira zingati n'kuyang'anizana mutatchula, nkhani ndi ya ndalama. Akafunsa kuti munkayang'anira anthu angati, kapena kuti mudayamba mwagwirapo pansi pa munthu wamng'ono kwa inu, nkhani ndi ya atambala aja. Akabwereza kawiri kuti ntchito ino ndi ya malisiti kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akuopa kuti mudzanyong'onyeka.

Pa pepala la msuweni wanga padatuluka mafunso awiri ofanana. Mayi wa zolemba ntchito adafunsa ngati adasamukiratu ku Lilongwe kapena ali ku Blantyre kongoyembekezera. Mnyamata wa magalasi adafunsa kuti thandizo la mabungwe likadzabwerera adzatani. Tidagwirizana kuti mantha aakulu ndi akuti achoka, ndipo a ndalama ali pambuyo pake. Padalinso kanthu kena kamene adakalemba m'mphepete ngati kosafunika: mkuluyo adadandaula yekha kuti kuyerekeza mabuku ndi kubanki kwatsalira miyezi itatu chichokereni amene adali pamalopo. Ndidakazunguliza ndi cholembera.

Makalata awiri amene sadatumizidwe

Mauthenga otere kuno kwathu amalembedwa m'Chingerezi nthawi zambiri, ndipo wa msuweni wanga udapitanso m'Chingerezi. Pano ndiwaika m'Chichewa, chifukwa chofunika ndi mafupa ake, osati chilankhulo.

Woyamba adaulemba yekha pafoni nthawi ya chakudya chamadzulo:

"Bwana, pepani chifukwa cha mmene ndidayankhira. Chonde musayang'ane mapepala anga. Ndakhala miyezi isanu ndi iwiri osagwira ntchito, ndili ndi ana atatu pasukulu, ndipo ndilandira malipiro alionse amene mungandipatse. Mukandiganizira, Mulungu adzakudalitsani."

Zonsezo zidali zoona, ndipo n'chifukwa chake zimapweteka kunena kuti uthengawu ukadamumaliza. Muuwerenge muli pampando wa mnyamata wa magalasi. Iye akuopa kuti mayiyu wabwera chifukwa cha njala basi, ndipo njala ikatha achoka. Uthengawu ukumutsimikizira kuti inde, ndi njala. Palibe mzere ndi umodzi womwe wonena za ntchitoyo kapena kampaniyo. Ukadatha kutumizidwa ku sitolo ina iliyonse ya mu Limbe osasintha liwu. Mawu akuti malipiro alionse ndiwo oipitsitsa, chifukwa aliyense amene adalembapo anthu ntchito amadziwa kuti wovomera chilichonse lero ndi amene amayamba kudandaula mawa. Kupepesa kukumukumbutsa yankho loipa lija m'malo molifafaniza. Ndipo kutchula ana ndi Mulungu kumasenzetsa wowerengayo mlandu: akakukana, wakana ana. Anthu sakonda kukhala ofesi imodzi ndi munthu amene amawachititsa kumva choncho.

Nditamuuza zimenezi adapsa mtima, ndipo adali ndi ufulu wotero. Uthenga wachiwiri udalembedwa ndi mkwiyowo:

"Ndikukhulupirira kuti luso langa la zaka 15 lithandiza kukonza zofooka zimene ndaona m'dipatimenti yanu. Ndayendetsapo bajeti yaikulu kuposa ya kampani yanu, choncho ntchitoyi sidzandivuta konse. Munthu ngati ine simungamupeze pa mtengo umenewu."

Apanso bodza mulibe. Koma zofooka za m'dipatimenti ndi zofooka za munthu amene akuwerengayo, ndipo uthengawu akhoza kuuonanso mwini kampani. Kunena kuti ntchito sidzakuvutani konse n'chimodzimodzi kuvomera kuti ikucheperani. Tambala wachiwiri walira asanalowe n'komwe m'khola.

Makalata awiriwa amaoneka otsutsana, wina wogwada wina wodzitukumula, koma nthenda yawo ndi imodzi. Onse akukamba za wolembayo, wina za mavuto ake, wina za ukulu wake. Palibe amene akukhudza chimene wofunsayo angataye akalakwitsa kusankha.

Funso limene ndidayenera kumufunsa

Tisanalembe wachitatu ndidamufunsa chomwe mnyamata uja adafunsa. "Asuweni, bungwe likakuimbirani mu Febuluwale ndi malipiro anu akale aja, mupita?"

Adakhala chete nthawi yaitali ndithu. Kenaka adati ku Lilongwe sangabwererenso. Nyumba ya ku Area 25 idali ya lendi ndipo adaisiya. Ya ku Machinjiri ndi yawoyawo, adaimanga ndi amuna awo. Ana adawasamutsa sukulu mu Sepitembala, ndipo wamkulu alemba MSCE chaka chamawa. Adatopanso ndi moyo woyembekezera chaka ndi chaka kuti kontirakiti iwonjezeredwa kapena ayi. Koma ntchito yabwino itapezeka mu Blantyre momwemo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, sakadalumbira kuti angaikane.

Yankho limenelo ndilo lidatipatsa malire a uthengawo. Sitidalembe kuti sadzachoka. Lonjezo lotero silikhulupirika, chifukwa aliyense amalinena, ndipo amene wakhala pa panelo kangapo walimva kwa anthu amene adachoka mwezi wachinayi. Chimene chimagwira mtima wa wofunsa ndi mfundo yooneka ndi maso, imene ikusonyeza kuti kuchoka kungakuwonongereni inunso kanthu: nyumba, sukulu ya ana, kholo lodwala limene mukulisamalira, maphunziro a madzulo amene mwayamba m'tauni momwemo. Lonjezo ndi mawu, pamene nyumba ya ku Machinjiri siyenda.

Ndinene pano kuti ngati yankho lanu lenileni ndi lakuti mukungobisala mvula ndipo ikakata mupita, musapeke zifukwa zokhalira. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo oona zolemba ntchito amadziwana. Ndi bwino kufunsa ngati angakonde kontirakiti ya chaka chimodzi, yodziwika poyambira ndi pothera. Makampani ena amaikonda, makamaka ngati ali ndi ntchito yotsalira imene ikufuna dzanja lozolowera.

Umene udapita

Udatumizidwa m'mawa wa tsiku lotsatira, nthawi isanakwane 8 koloko. Pamutu padangolembedwa dzina la ntchitoyo ndi tsiku la intavyu.

"Bwana,

Zikomo chifukwa cha nthawi imene mudandipatsa dzulo. Mudandifunsa ngati ntchitoyi siindichepera. Funsolo n'loyenera, ndipo ndikufuna kuliyankha mokwanira.

Banja langa lakhazikika ku Blantyre. Nyumba yathu ili ku Machinjiri ndipo ana adayamba sukulu konkuno mu Sepitembala. Ntchito za mapulojekiti zimayendera makontirakiti aafupi, ndipo ndasankha kufuna malo okhazikika. Malipiro amene mudatchula ndawawerengera, ndipo ndikuwavomera ndikudziwa bwino kuti ndi ochepa poyerekeza ndi amene ndinkalandira.

Mudanena kuti kuyerekeza mabuku ndi kubanki kwatsalira miyezi itatu. Ntchito imeneyo ndinkaigwira ndi manja anga mwezi uliwonse ngakhale pamene ndidali manijala, ndipo ndingakonde kuyambira pamenepo, motsogozedwa ndi inu.

Ngati mungafune kumva kwa amene ankandiyang'anira, nambala yawo ili pa sivi."

Ndi mawu pafupifupi 100, owerengeka pafoni osatsitsa kawiri. Kufupikako si kukongoletsa. Uthenga wa tsamba lathunthu pa funso la mzere umodzi umasonyeza kuti funsolo lakulasani, ndipo wowerenga amayamba kuganiza kuti adagunda pachilonda.

Ndime yoyamba ikutchula funsolo poyera. Ambiri amalizemba, n'kulemba zothokoza zokhazokha poganiza kuti kulitchula n'kulidzutsa. Koma silidagone. Lili pa fomu ya mayi uja. Kulitchula modekha, ndi kunena kuti n'loyenera, kumamuchotsa wofunsayo pa udindo wa mdani. Onaninso kuti mulibe pepani. Akuti akufuna kuyankha mokwanira, zomwe zikuvomereza kuti dzulo sadatero, koma osagwada.

M'ndime yachiwiri tidakangana pa liwu limodzi, lakuti ndasankha. Msuweni wanga ankati akunama, popeza pulojekiti idatsekedwa yokha, iye sadasankhe. Ndidamukumbutsa kuti padali ntchito ziwiri za mabungwe ku Lilongwe zimene adaziona munyuzipepala n'kusiya osafunsira, chifukwa cha ana. Kumeneko kudali kusankha. Wofunsa amafuna kuona kuti mukubwera kwa iye, osati mukungothawa kwina, ndipo pafupifupi aliyense akafufuza bwino amapeza chinachake chimene adasankhadi. Koma chikhale choona.

Za malipiro tidazipatsa chiganizo chimodzi. Kusiyana kwa "alionse" ndi "amene mudatchula ndawawerengera" n'kwakukulu. Koyamba ndi kwa munthu womira, kwachiwiri ndi kwa akauntanti amene wakhala pansi ndi bajeti ya pakhomo pake. Ndipo adawerengeradi usiku womwewo: atachotsa msonkho wa PAYE, gawo lake la penshoni ndi minibasi ziwiri kupita ziwiri kubwera, zotsalazo zinkakwana chifukwa lendi kulibe. Zikadapanda kukwana, chiganizocho sichikadalowa. Sitidatsitse mtengo kupitirira umene iwo adatchula, ndipo sitidatchule malipiro akale m'manambala. Nambala yaikulu ikalembedwa imakhala m'maso mwa owerenga kuposa mawu onse oizungulira.

Ndime yachitatu ndiyo mtima wa uthengawo, ndipo ndi pamene luso lake likulowera popanda kudzitama. Sadatchule digiri, zaka 15 kapena bajeti ya mabiliyoni. Adatenga vuto limene mkuluyo adalinena yekha ndi pakamwa pake, n'kuika dzanja lake pamenepo. Apa mpofunika kusamala kwambiri. Vuto limene iwo atchula mukhoza kulibwereza, chifukwa ndi kumvetsera. Vuto limene mwadzionera nokha, monga mafayilo ounjikana pakona, musalitchule, chifukwa ndi kudzudzula. Kunena kuti ankaigwira ndi manja ake kukuyankha mantha akuti manijala adaiwala ntchito za pansi. M'ofesi ya zandalama zimenezi n'zenizeni: PAYE imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25, ndipo mkulu wa dipatimenti amafuna munthu amene adzakhale pa Msonkho Online masiku amenewo, osati amene adzayang'ane uku ndi uku kufuna womutuma.

Mawu atatu omaliza ndimeyo, motsogozedwa ndi inu, adawakana kawiri. Ankati ndi kudzichepetsa kopitirira muyezo kwa mwana amene akadakhala mng'ono wake. Ine ndidati si kudzichepetsa, ndi kunena mmene mipando ilili muofesimo, kamodzi, osabwereza. Ukabwereza kawiri kumasanduka kunyengerera, ndipo wonyengereredwa amadziwa. Tidasiya kamodzi.

Chiganizo cha nambala ya bwana wakale chili ndi ntchito yakenso. Chikusamutsa umboni kuchoka pakamwa panu kupita pakamwa pa munthu wina. Koma muuzeni munthuyo kaye, ndipo mumuuze funso limene lidavuta. Bwana wakale amene sadachenjezedwe amayamba kukutamandani kuti mudali mzati wa bungwe lonse ndipo mukuyenera udindo waukulu, akuganiza kuti akukuthandizani.

Panali chinthu china chimene msuweni wanga ankafuna kuwonjezera, ndipo ndachionapo m'makalata ambiri: kudzipereka kugwira mwezi umodzi waulere kuti amuyese. Tidachichotsa. Lamulo la zantchito la 2000 limalola kale nthawi yoyesedwa, ija timati pulobeshoni, mpaka miyezi 12 kwa antchito aluso, ndipo m'nthawi imeneyo kontirakiti ikhoza kuthetsedwa popanda notisi. Kutanthauza kuti kampani ndi yotetezedwa kale ngati mutalephera ntchito. Chimene pulobeshoni siiteteza ndi kuchoka kwanu, ndipo mwezi waulere sukuyankha zimenezo. Ukungoonetsa kuti mwapanikizika.

Kumene uthengawu suthandiza

Nthawi ndi yofunika chifukwa mapanelo ambiri amaphatikiza malikisi tsiku lomwelo kapena lotsatira. Uthenga wofika patatha masiku anayi umapeza dzina litapita kale kwa abwana aakulu. Komanso kutumiza muli pa geti, mphindi khumi chitulukireni, kumaoneka ngati mwanjenjemera. M'mawa wotsatira ndi pabwino.

Njira yake ndi imelo imene adakuitanirani ku intavyu. Ngati adakuitanani pa WhatsApp, monga amachitira makampani ang'onoang'ono ambiri, yankhani pomwepo, koma mwa kulemba, osati uthenga wa mawu, komanso nthawi ya ntchito. Nambala ya m'thumba ya bwana imene mwaipeza kwa mnzanu wa kutchalitchi isiyeni. Munthu amene akukayikiridwa kale kuti adzalumpha mitu ya anthu muofesi asayambe ndi kulumpha mlembi.

M'boma ndi m'mabungwe aakulu nkhani ndi ina. Kumeneko aliyense wa pa panelo amalemba malikisi pa fomu, amasainira, ndipo kalata yobwera pambuyo siloledwa kusintha kanthu. Zotsatsa ntchito zambiri zimachenjezanso kuti wopezeka akunyengerera olemba ntchito adzachotsedwa pa mndandanda. Mukaona chenjezo limenelo, uthenga wofotokoza zifukwa zanu ukhoza kutengedwa ngati kudzera kuseri, choncho yankho la funsoli muyenera kulowa nalo m'chipinda litapsa kale. Uthenga wotsatira umagwira bwino ntchito kumene anthu awiri kapena atatu amagamula pokambirana: makampani a mabanja, masukulu ndi zipatala zomwe si zaboma, mabungwe aang'ono.

Ndipo pali nthawi zina pamene mawu akuti mwaphunzira kwambiri amakhala njira yaulemu yokanira pa chifukwa china. Mwina malowo ali ndi mwini wake kale, mwina akuona kuti mwakula. Chizindikiro chake n'chakuti funsolo silikhala ndi anzake. Salifunsa kuti amve yankho, amangolinena ngati chigamulo, intavyu n'kutha m'mphindi khumi. Pamenepo lembani mizere iwiri yothokoza, mupite kwina. Ine ndemwe ndidakhalapo pa panelo ina imene tidauza bambo wina mawu amenewa dzina la wopambana litalembedwa kale dzulo lake. Adatumiza kalata yabwino kwambiri. Ndimaikumbukirabe ndi manyazi.

Ena amathawa vuto lonseli pochotsa digiri pa sivi. Kufupikitsa sivi kuti iwonetse zogwirizana ndi ntchitoyo si kulakwa, koma fomu ikafunsa maphunziro anu apamwamba kwambiri n'kubisa, mwayamba ntchito ndi bodza, ndipo muofesi ya ndalama bodza laling'ono limakula msanga likadziwika.

Mukatumiza, khalani chete mpaka tsiku limene adalonjeza lidutse. Likadutsa ndi masiku awiri kapena atatu, funsani kamodzi, mzere umodzi, ngati chigamulo chapangidwa. Musabwerezenso za mapepala. Uthenga wachitatu umafafaniza kudekha konse kumene woyamba udaonetsa.

Msuweni wanga sadayankhidwe. Padapita masiku asanu ndi atatu, iye akuyang'ana foni ngati mphika wochedwa kuwira, ine ndikumuletsa kulembanso. Tsiku lachisanu ndi chinayi amene adaimba sadali a ku Limbe, koma bwana wake wakale wa ku Lilongwe, akuseka. Mnyamata wa magalasi adamuimbira, ndipo sadafunse za nyumba, za malipiro kapena za kubwerera ku mabungwe. Adafunsa funso limodzi lokha: mayiyu akatumidwa amatumika?

Tidatha usiku wonse tikumanga yankho la kuchoka, pamene chimene chinkamudya mnyamatayo chidali cha atambala, chimene tidachipatsa mawu atatu okha, omwenso mwini wake ankafuna kuwafufuta. Adamulemba pa pulobeshoni ya miyezi isanu ndi umodzi. Ngati udali uthengawo, foni ya ku Lilongwe ija, kapena miyezi itatu ya mabuku otsalira imene idamuopsa mkuluyo kuposa digiri, sadamuuze.

Ndidamuimbira pa 13 mwezi wotsatira, madzulo, kuti ndimve mmene zikuyendera. Adayankha monong'ona. "Asuweni, dulani. Abwana akudikira PAYE."